Kwa inu a kampani ya mafoni: bonasi ya Khirisimasi ija ndi ya maola angati?

Akuluakulu, meseji yanu ya nyengo ya zikondwerero inati tikagula bandulo ya 5GB ya sabata, mutipatsa 5GB ina yaulere. Aliyense wowerenga zimenezo amamva kuti ali ndi 10GB yoti agwiritse ntchito masiku 7. Inenso ndinamva choncho, ndipo ndinagula pa 23 Disembala cha m'ma 9 koloko usiku.

Zimene simunalembe mu meseji ija ndazidziwa nditaimbira ofesi yanu yothandiza makasitomala. Akuti bonasiyo imagwira ntchito kuyambira 12 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa basi, komanso imatha pakapita masiku 3. Akutinso tsiku limene wagula limawerengedwa ngati tsiku lathunthu, ngakhale utagula kutatsala maola atatu kuti tsikulo lithe.

Ndiye tiwerengere limodzi. Masiku anga atatu anali 23, 24 ndi 25. Pa 23 nthawi ya bonasi inali itadutsa kale ndisanagule n'komwe. Anatsala ndi maola asanu a pa 24 ndi asanu a pa 25, onse pamodzi maola 10, nthawi imene anthu ali mtulo. Ndani angamalize 5GB pa maola amenewo? Ife ogula bandulo pa Khirisimasi timafuna kuimbirana pa WhatsApp ndi abale a ku Joni masana, banja lonse lili pakhonde. Masana onsewo foni imadya 5GB yolipira ija, bonasi ili phee, mpaka inapsa osakhudzidwa.

Bandulo yeniyeniyo nayo, mwa kawerengedwe kanuko, ithera pa 29 nthawi ya 23:59. Masiku 7 a maola 24 akanathera pa 30, 9 koloko usiku. Apo mwadulapo maola 21. Ndipo anzanga amene yawo inatha msanga anaona mayunitsi awo akudyedwa popanda kufunsidwa, pa mtengo wodula wa intaneti yopanda bandulo.

Sindikukana kuti bonasi ikhale ya usiku, malonda ndi anu. Koma muzinena munthu asanatsimikize kugula, pa foni pomwepo, m'Chichewa chomveka: bonasi iyi ndi ya usiku, kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti, ithera tsiku lakuti nthawi yakuti. Mawu aja akuti "T&Cs apply" amayi anga kumudzi sawauza kanthu. Tikafunsa balansi, muzitionetsa bandulo payokha ndi bonasi payokha, iliyonse ndi tsiku lake lothera. Bandulo ikatha intaneti iziima, tisankhe tokha ngati tikufuna kupitiriza ndi mayunitsi.

Chonde musandiyankhe kuti ndibwere ku inibokosi. Yankhani pano kuti ena amene akufuna kugula ya Chaka Chatsopano awerenge, ndipo munenenso ngati 5GB yanga ija muibweza. Mukapanda kutero, dandauloli ndikalitula ku MACRA.