Lipoti la nthumwi zathu ku msonkhano wa aphunzitsi a masamu mumzinda wa Tete

Aphunzitsi anzathu a gulu lathu la Loweruka ku Ulongwe, pamodzi ndi inu a ku Domwe ndi ku Tsangano amene mumabwera tikamakumana, tabwerako kumene munatituma. Pamsonkhanowo panakambidwa zambiri, koma ife tinakhala pa gulu limene linkaona za kuphwanya fulakishoni ya mapolinomiyo kukhala tizidutswa tosavuta munthu asanapeze integirali yake, popeza ndi nkhani imene munatipempha kuti tikaimvetsetse. Tonse tinagwirizana kuti ophunzira ambiri salakwitsa pa integirali penipenipo. Amalakwitsa asanafikepo, polemba maonekedwe a tizidutswato, ndipo cholakwacho sichidzionetsa chokha. Manambala amatuluka ooneka bwino, wophunzira n'kupitirira ali wokondwa. Choncho tikupatsani chitsanzo chimodzi chimene tinachigwira pabolodi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

```
f(x) = (x³ + x² + 1) / (x(x − 1)²)
```

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi digiri, kutanthauza mphamvu yaikulu ya x, m'mwamba ndi m'munsi. M'mwamba digiri ndi 3. M'munsi mukachulukitsa mupeza x³ − 2x² + x, digiri yake 3 yomweyo. Kuphwanya kumatheka pokhapokha digiri ya m'mwamba ikakhala yochepa kuposa ya m'munsi, kotero apa tiyenera kuyamba tagawa. Kugawako n'kwapafupi: x³ imalowa mu x³ kamodzi, ndipo tikachotsa x³ − 2x² + x mu x³ + x² + 1 chotsala ndi 3x² − x + 1.

```
f(x) = 1 + (3x² − x + 1) / (x(x − 1)²)
```

Mphunzitsi wina wachikulire anatipempha kuti tilakwitse dala, tidumphe kugawako, tione chimene chichitike. Tinayerekeza x³ + x² + 1 ndi A(x − 1)² + Bx(x − 1) + Cx. Poika x = 0 tinapeza A = 1. Poika x = 1 tinapeza C = 3. Manambala awiriwa ndi olondola ndithu, ndipo mpamene pali msampha. Pofuna B tinaika x = 2 ndipo inatuluka 3. Titaika x = −1 inatuluka 0. Chilembo chimodzi, mayankho awiri. Chifukwa chake n'chakuti mbali ya kumanja ilibe x³ m'pang'ono pomwe, digiri yake siipitirira 2, choncho palibe A, B ndi C amene angaifananitse ndi mbali ya kumanzere pa x aliyense. Wophunzira amene waika nambala imodzi yokha sadziwa kuti zalakwika. Atenga B = 3 n'kumapita.

Tsopano maonekedwe a tizidutswa. M'munsi muli mafakitala awiri, x ndi x − 1, koma x − 1 wabwera kawiri. Fakitala wobwerezedwa amafuna kadutswa pa mphamvu iliyonse, kuyambira 1 mpaka mphamvu imene ali nayo m'munsimo.

```
(3x² − x + 1) / (x(x − 1)²) = A/x + B/(x − 1) + C/(x − 1)²
```

Apa tinakhalapo nthawi yaitali, chifukwa ophunzira amaloweza lamuloli osadziwa kumene lachokera, ndiye pa mayeso amaliiwala. Kufotokoza kumene kunatikhutiritsa n'kwa kuwerenga zosadziwika. Chotsala cha m'mwamba, pokhala ndi digiri yosapitirira 2, chili ndi manambala atatu: wa x², wa x, ndi woima yekha. Kuti mufananitse manambala atatu pafunika zosadziwika zitatu. Ndiye chiwerengero cha zilembo chiyenera kufanana ndi digiri ya m'munsi nthawi zonse. Digiri 3, zilembo zitatu. Digiri 4, zilembo zinayi. Wophunzira akalemba maonekedwe ake, awerenge zilembo asanachite china chilichonse. Sizitenga nthawi, ndipo ife tikuona kuti n'chizolowezi choyenera kuchiumiriza m'kalasi kuposa kuloweza malamulo a m'buku.

Taonani zimene zimachitika zilembo zikaperewera. Wina amasiya kadutswa kapakati n'kulemba A/x ndi C/(x − 1)² zokha. Poika 0 ndi 1 apeza A = 1 ndi C = 3, koma akaphatikizanso tizidutswato m'mwamba mutuluka x² + x + 1, osati 3x² − x + 1. Winanso amasiya ka mphamvu 2 n'kulemba A/x ndi B/(x − 1). Ameneyu zake sizingatheke n'komwe, chifukwa tizidutswa tiwirito tikaphatikizidwa m'munsi mwake mumakhala x(x − 1) basi, ndipo (x − 1)² sangabadwemo.

Maonekedwe akakhala olondola, chulukitsani mbali zonse ndi cha m'munsi chonse.

```
3x² − x + 1 = A(x − 1)² + Bx(x − 1) + Cx
```

Ikani mizu ya cha m'munsi. Pa x = 0 magawo a B ndi C amafa, kutsala 1 = A. Pa x = 1 magawo a A ndi B amafa, kutsala 3 − 1 + 1 = C, ndiye C = 3. Mizu yatha, koma B akadalipo. Umu ndi mmene zimakhalira pa fakitala wobwerezedwa: muzu wake umangopereka chilembo cha pa mphamvu yaikulu, zinazo muzifune mwa njira ina. Njira yachidule ndi kuyerekeza manambala a x². Kumanzere kuli 3, kumanja kuli A + B, choncho B = 2. Manambala a x sitinawagwiritse ntchito, ndiye atithandiza kutsimikiza: kumanja kuli −2A − B + C, amene ndi −2 − 2 + 3 = −1, ndipo kumanzere kulinso −1. Zagwirizana.

Panabuka funso labwino kuchokera kwa mayi wina wophunzitsa kalasi 12. Anati wophunzira wake wochenjera anamufunsa kuti, ngati fulakishoniyo ilibe tanthauzo pa x = 1, tikuikamo bwanji 1? Yankho lake n'lakuti tikatha kuchulukitsa sitilinso ndi mafulakishoni, tili ndi mapolinomiyo awiri. Mapolinomiyowa ndi ofanana pa manambala onse kupatula mwina 0 ndi 1. Koma kusiyana kwawo nakonso ndi polinomiyo ya digiri yosapitirira 2, ndipo polinomiyo yotere siingakhale ndi mizu yoposa iwiri pokhapokha ikhale ziro paliponse. Iyi ili ndi mizu yosawerengeka, ndiye ndi ziro, pa 0 ndi pa 1 pomwe. Mwana wofunsa chonchi muyankheni mokwanira, musamuuze kuti ndi mmene timachitira basi.

Tisanapeze integirali tinayesanso zonse pa fulakishoni yoyamba ija. Pa x = 2, f(x) ndi 13/2. Tizidutswa tikupereka 1 + 1/2 + 2 + 3, amene ndi 13/2 yemweyo. Chenjezo lake ndi ili: nambala yoyesera ikhale imene simunaigwiritse ntchito pofuna zilembo. Wolakwitsa uja amene anapeza B = 3 poika x = 2, akayesanso pa 2 pomwepo apeza 1/2 + 3 + 3, nayenso 13/2, n'kukhulupirira kuti wakhoza.

Integirali yake tsopano ndi yopepuka. Gawo la 1 likupereka x. Gawo la 1/x likupereka ln|x|. Gawo la 2/(x − 1) likupereka 2ln|x − 1|. Gawo lomaliza ndi limene ambiri amapunthwapo, chifukwa dzanja likazolowera logarizimu limalembanso logarizimu. Logarizimu imabwera pamene mphamvu ya m'munsi ndi 1 yokha. Apa tili ndi 3(x − 1)⁻², ndipo tikakweza mphamvu ndi 1 n'kugawa ndi −1 tikupeza −3/(x − 1). Wokayika apeze derivada ya yankholi, aona 3/(x − 1)² ikubwerera.

```
∫f(x)dx = x + ln|x| + 2ln|x − 1| − 3/(x − 1) + K
```

Talemba K dala, popeza C tamugwiritsa kale ntchito m'tizidutswa, ndipo anzathu ena anati aonapo ophunzira akuika 3 m'malo mwa C womalizayo. Timizere ta mbali ziwiri mu ln tisasowe. Popanda ito yankho limangogwira pamene x waposa 1, pomwe f(x) ili ndi tanthauzonso pakati pa 0 ndi 1 ndiponso pa manambala ochepera ziro.

Pa integirali ya malire pali chinanso choyang'anira. Kuchokera pa 2 kufika pa 3 yankho ndi 5/2 + ln 6, pafupifupi 4,29. N'zomveka, chifukwa f(2) ndi 6,5 ndipo f(3) ndi pafupifupi 3,08, ndipo mtunda wake ndi 1, ndiye yankho liyenera kugwera pakati pa manambala awiriwa. Koma yesani kuchokera pa 1/2 kufika pa 2. Mukangoika malire m'yankho lija mupeza pafupifupi −4,73, nambala yochepera ziro, chikhalirecho f(x) ndi yoposa ziro pa x aliyense woposa ziro kupatula pa 1, pamene ilibe tanthauzo. Vuto ndi 1 ameneyo. Ali pakati pa malirewo, pamenepo cha m'munsi ndi ziro, f(x) imakwera mopanda mapeto, ndipo chifukwa cha (x − 1)² integiraliyo ilibe yankho la nambala. Mizu ya cha m'munsi munaipeza kale pophwanya, ndiye ingoyang'anani ngati wina wagwera pakati pa malire musanaikemo manambala.

Za fakitala wa digiri 2 wopanda mizu, monga x² + 4, tinangodutsamo mwachidule chifukwa nthawi inatha. Mumamuzindikira poti delita yake, b² − 4ac, ndi yochepera ziro. Pamwamba pake pamalembedwa Bx + C, zilembo ziwiri, mogwirizana ndi kuwerenga kuja. Gawo la x limapereka logarizimu ya x² + 4, ndipo gawo la nambala yoima yokha limapereka arctg. Mwachitsanzo, 1/(x² + 4) imapereka (1/2)arctg(x/2). Musanamutche wopanda mizu yesani delita, chifukwa x² − 4 amaoneka ngati mnzakeyo koma amasweka kukhala (x − 2)(x + 2).

Pempho lathu n'lakuti pa kukumana kwathu kotsatira aliyense abwere atagwira funso ili, ndipo amene ali ndi ophunzira a msinkhu wake awapatsenso n'kutibweretsera mapepala awo kuti tione pamene apunthwa.

```
∫ (x² + 1) / (x³ + x²) dx
```

Cha m'munsi ndi x²(x + 1). Tikuyembekeza kuti ambiri adzalemba zilembo ziwiri zokha, chifukwa x² sioneka msanga kuti ndi fakitala x wobwerezedwa kawiri. Digiri ya m'munsi ndi 3, ndiye maonekedwe ake ndi A/x + B/x² + C/(x + 1), ndipo muyenera kupeza A = −1, B = 1, C = 2.