Lipoti la msonkhano wa ku Mponela: bajeti ya miyezi yoyambira pulojekiti yathu ya ulimi wothirira

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse a kopaletivi yathu,

Munandituma ku Mponela ku msonkhano wa masiku atatu wa magulu amene akupempha thandizo la ndalama zachitukuko. Ndapita, ndabwerako bwino, ndipo malisiti a ulendowu ndawapereka kale kwa msungichuma wathu. Zimene tinakambirana ndi zambiri, koma m'lipoti lino ndikhazikika pa nkhani imodzi imene ikukhudza pempho lathu mwachindunji: bajeti yathu ilibe ndalama zoyambira ntchito.

Tsiku lachiwiri aphunzitsi anauza gulu lililonse kuti litulutse bajeti yake. Ine ndinatulutsa yathu ya K60 miliyoni, ya mahekitala 10 aja. Mayi amene ankatiphunzitsa anaiwerenga mzere ndi mzere: pampu, mapanelo a sola, matanki, mapaipi, mbewu, feteleza, maphunziro a alimi. Atamaliza anandifunsa kuti, "Bambo, pa tsiku limene mudzasainire mgwirizano, kodi pampuyi mudzaigula mawa lake?" Ndinati ayi. Anati ndiwafotokozere zonse zimene zidzachitike pakati pa tsiku losainira ndi tsiku logula pampu, kenako ndiwalozere mzere umene udzalipire zimenezo. Ndinatchula zinthu zoposa khumi. Mzere umene ndinaupeza unali umodzi wokha, wa K300,000 ya mwambo wotsegulira pulojekiti. Magulu ena ambiri analinso chimodzimodzi, koma zimenezo sizinanditonthoze, chifukwa bajetiyi ndinailemba nawo ineyo.

Chimene anatiphunzitsa n'chakuti nthawi yoyambira ili ndi zigawo ziwiri, ndipo zimasiyana pa funso lakuti wolipira ndani.

Chigawo choyamba ndi cha nthawi imene mgwirizano usanasainidwe. Othandiza ambiri sabweza ndalama imene gulu linagwiritsa ntchito tsiku losainira lisanafike, ngakhale malisiti atakhalapo onse. Komabe amafuna kuti pofika tsikulo mukhale muli ndi satifiketi ya kopaletivi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, akaunti ya ku banki ya pulojekiti yokhayo, ndiponso umboni wolembedwa wakuti malowo mwaloledwa kuwagwiritsa ntchito. Satifiketi tili nayo. Zinazo zikufuna ndalama ya m'thumba mwathu.

Ndinawerengera motere, ndipo ziwerengerozi ndi zanga zoyerekezera, komiti idzazione. Osainira ku banki ndi atatu, ndipo zonse sizingathe ulendo umodzi. Ndaika maulendo awiri pa K30,000 munthu aliyense, kupanga K180,000. Ndalama yotsegulira akaunti, zithunzi ndi mafotokope ndaika K70,000. Msonkhano wa nkhani ya malo ndaika K150,000. Zonse pamodzi ndi K400,000, kutanthauza K5,000 kwa membala aliyense pa anthu 80 amene tilipo.

Pa nkhani ya maloyi ndikupempha tisathamange. Tonse tikudziwa kuti dambo lija lili ndi eni ake, mabanja amene akhala akulimamo madimba kuyambira kalekale, ndipo ena mwa iwo si mamembala athu. Mawu a pakamwa a gogo chalo ndi olemekezeka, koma mapaipi akadzakwiriridwa, mwana wa mwini dimba amene ali ku Joni akhoza kubwera n'kunena kuti iye sanamve. Nthumwi ya gulu lina inafotokoza kuti kwawo zipangizo zinakhala m'nyumba miyezi ingapo chifukwa cha mkangano wotere, kwinaku akulipira mlonda mwezi ndi mwezi. Choncho msonkhanowo ukhale wa mafumu, eni madimba onse ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo utuluke ndi pepala losainidwa lonena kuti ndani walola, kwa zaka zingati, ndipo iye apezapo chiyani.

Chigawo chachiwiri chimayamba tikasaina, n'kutha tsiku limene ntchito yeniyeni yayamba. Ichi othandiza amalola kulipira, pokhapokha chitalembedwa m'bajeti. Chikapanda kulembedwa, gulu limatapa pa ndalama ya pampu, kenako pampu ija ndalama yake imaperewera, ndipo owerengera chuma akabwera amapeza kuti ndalama yagwiritsidwa ntchito pa mzere umene kulibe. Kwa ife ndaika miyezi itatu.

Mzere waukulu ndi malipiro. Woyang'anira pulojekiti ndi wosunga mabuku ayenera kuyamba ntchito mwezi woyamba, osati tsiku lofika zipangizo, chifukwa ndi iwo amene adzayendetse mapepala onsewa. Pa K350,000 ndi K250,000 pamwezi, miyezi itatu ndi K1,800,000. Apa pali phunziro limene ndikufuna aliyense aligwire: anthu awiriwa amalandira K600,000 pamwezi kaya ntchito ikuyenda kaya yaima. Chilolezo chimodzi chikachedwa mwezi wathunthu, K600,000 yapita popanda paipi n'limodzi lomwe loikidwa pansi. N'chifukwa chake bajeti yoyambira imalembedwa mwezi ndi mwezi, osati chiwerengero chimodzi cha pamwamba.

Kenako pali kudziwitsa boma ndi adindo. Pulojekiti imayenera kukafotokozedwa ku khonsolo, pa msonkhano wa DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe, ndiponso ku makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC kwathu kuno. Woitanitsa msonkhano ndiye amasenza mayendedwe, chakudya ndi malo, ndiye ndaika K900,000 pa misonkhano yonseyi. Anatilangiza kuti tifunse ku khonsolo ngati tingapatsidwe mpata pa msonkhano umene unakonzedwa kale, chifukwa kuitanitsa wathuwathu kumadula kwambiri. Anatichenjezanso kuti mlingo wa alawansi tiutenge m'malamulo a wothandiza wathu tisanalonjeze aliyense, kuopa kuti tsiku la msonkhano pangadzakhale kukwiyitsana pa envulopu.

Mzere umene unanditsegula maso kwambiri ndi wa injiniya. Ife tinalemba kukula kwa pampu potengera zimene tinaona kwa anzathu a tsidya lija. Koma kukula kwa pampu ndi kuchuluka kwa mapanelo kumadalira zinthu zitatu zimene sitinayeze: madzi amene mtsinje umapereka, kutalika kwa chitunda chimene madzi akwere kukafika pa thanki, ndi mtunda wa mapaipi. Ndipo madzi sayezedwa mwezi uliwonse. Mu Malichi mtsinje wathu umasefukira, munthu nkumati madzi ngosatha. Oyenera kuyezedwa ndi a mu Okutobala, pamene mtsinje waphwa kwambiri, amayi akukumba mchenga kuti atunge, ng'ombe nazo zikumwa pomwepo. Madzi a mwezi umenewo ndiwo amanena ngati tingathirire mahekitala 10 kapena 6. Zikapezeka kuti ndi 6, ndi bwino tidziwe tisanagule kanthu. Pa kuyeza madzi, kuyeza malo ndi kujambula pulani ndaika K1,500,000.

Zimenezi zikutanthauza kuti miyezi yathu itatu sitingangoiika paliponse pa kalendala. Iyenera kuphatikiza Okutobala. Tikayamba mu Ogasiti n'kumaliza mu Okutobala, zipangizo tidzaitanitsa nthawi ya mvula, n'kuziika misewu ikauma, kuti tidzadzale mbewu yothirira cha mu Meyi. Tikaphonya Okutobala, tidzakakamizika kusankha pakati pa kudikira chaka china kapena kugula pampu mongolota.

Pulani ya injiniya ndi imenenso imatsegula njira ya zilolezo. Kutunga madzi ambiri mumtsinje kumafuna chilolezo cha bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority, malinga ndi lamulo la madzi la 2013, ndipo pofunsira amafuna kudziwa kuchuluka kwa madzi amene tidzatunge. Palinso kuunika ngati ntchitoyi siwononga chilengedwe, komwe timayambira kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo, pansi pa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Pa zilolezo, maulendo ake ndi kusonkhanitsa makoteshoni ndaika K400,000, koma mitengo yeniyeni tikaifunse ku maofesiwo tisanatumize bajeti.

Za makoteshoni ndinene pang'ono. Atatu aja amene tinasonkhanitsa polemba pempho atha ntchito. Koteshoni imakhala ndi masiku ake, nthawi zambiri mwezi umodzi kapena kucheperapo, ndipo mapampu ndi mapanelo amachokera kunja. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo m'masitolo n'kusintha sabata yomweyo. Makoteshoni atsopano tidzatenge injiniya akamaliza pulani, ndalama zogulira zili pafupi kufika.

Chotsala ndi kafukufuku woyambira. Uku ndi kulemba mmene zinthu zilili panopa: banja lililonse limalima dimba lalikulu bwanji, limakolola zochuluka bwanji, limagulitsa kuti ndiponso pa mtengo wanji. Tikadikira mpaka madzi atayamba kuyenda, sitidzakhala ndi poyerekezera, ndipo podzanena kuti zokolola zakwera palibe adzatikhulupirire. Achinyamata athu anayi akhoza kugwira ntchitoyi masiku asanu pa K20,000 patsiku, kupanga K400,000, kuphatikizapo K200,000 ya mapepala ndi mayendedwe, zonse K600,000.

Tikaphatikiza chigawo chachiwirichi tikupeza K5,200,000. Ndawonjezapo 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, K520,000, ndiye zonse zikukwana K5,720,000. Ndi pafupifupi K1 pa K10 iliyonse ya pulojekiti yonse. Ndikudziwa kuti ena mudzati ndalama yonseyi ikanagula mapaipi ambiri. Inenso ndinanena zomwezo m'kalasi muja. Koma ndalamayi tidzaigwiritsabe ntchito kaya tailemba kaya sitinailembe, ndipo tikapanda kuilemba idzachoka pa mapaipi omwewo mobisa. Ine maganizo anga ndi akuti mwambo wotsegulira uja tiuchepetse kapena tiuphatikize ndi msonkhano wa ADC, koma mzere wa injiniya tisaukhudze n'komwe.

Pali vuto lina limene sindinabwere ndi yankho lake lathunthu. Ndalama sizilowa mu akaunti tsiku losainira, pamapita masabata. Komanso othandiza ambiri amapereka ndalama m'zigawo, ndipo gawo lachiwiri limabwera pokhapokha titapereka lipoti la nthawi yoyambira pamodzi ndi malisiti a gawo loyamba. Ndiye makalata a ntchito a anthu awiri aja tisawasainire ndalama zisanaoneke pa sitetimenti ya ku banki, ndipo buku la malisiti liyambe pa tsiku loyamba. Ngati gulu lingafune kubwereka ku banki mkhonde kuti tiyambe msanga, tidziwe kuti chiwongoladzanja chake wothandiza sadzatibwezera. Ine sindikulimbikitsa njira imeneyi.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha tigamule zinthu zitatu: chopereka cha K5,000 ndi tsiku lotsiriza kupereka, tsiku la msonkhano wa eni madimba, ndiponso ngati tikupempha K5,720,000 yowonjezera kapena tikuchepetsa mizere ina kuti tikhalebe pa K60 miliyoni. Apampando, ndikupemphanso kuti mlembi alembere wothandiza wathu sabata ino, afunse molunjika kuti ndalama zoyambira amalola zingati, ndiponso kuti amayamba kuwerenga malisiti kuyambira tsiku liti. Pepala limene ndinawerengerapo ziwerengero zonsezi ndidzabwera nalo.

Ine nthumwi yanu.