Lipoti la msonkhano wa kakonzedwe ka timayeso toyeserera

Aphunzitsi anzanga a m'dipatimenti ya sayansi, ndi inu a hedi, ndabwerako ku msonkhano umene munanditumako, ndipo ndalemba lipotili kuti aliyense aone chimene alawansi ija inagwira ntchito, popeza ndamva kuti ena ankafunsa. Malisiti ndapereka kale kwa msungichuma.

Gawo lotsegulira linali la malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Panalinso gawo la kasungidwe ka malikisi pa kompyuta, koma munalibe chachilendo kwa ife. Chimene ndikufuna tikhalire pansi ndi gawo limene linayankha funso lomwe lativutitsa chaka chonse: n'chifukwa chiyani ana athu amakhoza bwino timayeso ta Lachisanu, koma pepala lenileni likabwera amagwa?

Wotsogolera gawoli anayamba ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timazisakaniza. Kuvuta kwa funso n'kwina, mtundu wa kuganiza umene funsolo likufuna n'kwinanso. Kuvuta timakuyeza powerenga ana amene akhoza: ngati mwa ana 60 akhoza 54, funsolo ndi lophweka, akakhoza 12 okha, ndi lovuta. Koma chiwerengerochi sichikutiuza chimene mwana anachita m'mutu mwake. Funso lakuti "Georg Ohm anafalitsa lamulo lake chaka chanji?" lingagwetse kalasi yonse, chifukwa ndi ochepa amene angakumbukire 1827, komabe ndi funso longokumbukira basi. Mphunzitsi akafuna kulimbitsa timayeso take, nthawi zambiri amathamangira ku tinthu tobisika ngati timeneti. Malikisi amatsika, iye n'kumaganiza kuti wafika pa mlingo wa mayeso enieni, pamene sanasunthe n'komwe.

Magawo a kuganiza amene tinagwiritsa ntchito ndi ochokera pa ndondomeko imene Benjamin Bloom ndi anzake anatulutsa mu 1956, yomwe Anderson ndi Krathwohl anaikonzanso mu 2001. Ili ndi magawo asanu ndi limodzi, koma ife tinagwira atatu amene amaonekera kwambiri pa mapepala a mayeso: kukumbukira, kugwiritsa ntchito, ndi kusanthula.

Anatigawa m'magulu, gulu lililonse n'kupatsidwa mutu umodzi kuti liulembere mafunso atatu. Lathu linatenga lamulo la Ohm, ndipo ndikulembereni zonse chifukwa apa m'pamene zinandigwira mtima.

Funso lokumbukira linali lakuti mwana alembe fomula yolumikiza voliteji, karenti ndi rezisitansi. Yankho ndi V = I × R. Amene analoweza manotsi wakhoza.

Funso logwiritsa ntchito linali lakuti batire ya 12 V yalumikizidwa ku rezisita ya 4 Ω, ndiye apeze karenti. Apa mwana ayenera kuzindikira yekha fomula yofunika, aitembenuze kuti ikhale I = V ÷ R, apeze 3 A, ndipo asaiwale kulemba yuniti. Ndi masitepe angapo, ndipo pa sitepe iliyonse angathe kupunthwa mosiyana.

La kusanthula ndiye linatitengera nthawi. Tinapereka zowerenga zitatu za babu la kawaya koyaka: pa 2 V karenti ndi 0.5 A, pa 4 V ndi 0.8 A, pa 6 V ndi 1.0 A. Funso n'lakuti: kodi babuli likutsatira lamulo la Ohm? Perekani umboni kuchokera pa manambalawa, ndipo fotokozani chifukwa chake. Palibe amene wamuuza mwana kuti awerengere rezisitansi. Ayenera kuganiza yekha zogawa voliteji ndi karenti pa mzere uliwonse, apeze 4 Ω, 5 Ω ndi 6 Ω, aone kuti rezisitansi ikukwera, kenako alumikize zimenezi ndi kutentha kwa kawaya ka m'babu, popeza lamuloli limagwira ntchito kutentha kukakhala kosasintha. Masamu ake ndi ophweka ngati a funso lachiwiri lija. Chovuta n'kusankha chochita ndi manambalawo.

Mphunzitsi wina wa m'gulu lathu, mayi amene wachonga mapepala kwa zaka zambiri, anatiuza yankho lolakwa limene tiyenera kuliyembekezera. Mwana amatenga mzere woyamba, n'kupeza 4 Ω, n'kunena kuti pa 6 V karenti imayenera kukhala 1.5 A, choncho mita yoyezera ndi yowonongeka. Mwana ameneyu fomula akuidziwa, kuigwiritsa ntchito akutha, koma sakudziwa malire ake. Timayeso tathu ta masiku ano sitingamugwire mwana wotere ngakhale kamodzi. Amatenga malikisi onse Lachisanu lililonse, ife n'kumamuwerengera m'gulu la okhoza. Zili ngati kumufunsa munthu mayina a zitsulo zonse za njinga, akatchula bwino n'kumulembera kuti amatha kupalasa.

Wotsogolera anatchulanso kafukufuku wa Pooja Agarwal wa mu 2019. Ophunzira amene ankayeserera ndi mafunso a mfundo zongokumbukira sanapite patsogolo pa mayeso ofuna kuganiza mozama, pamene amene ankayeserera ndi mafunso ozama, kapena osakaniza mitundu yonse iwiri, anapita patsogolo. Ine izi ndinazimva ngati yankho ku mkangano wathu wa teremu yatha, pamene ena munanena kuti tiyambe taonetsetsa kuti ana aloweza mfundo zonse, kusanthula kudzabwera kokha. Sikubwera kokha. Ndinanena tsiku lija, nkhani inathera m'malere chifukwa belu linalira, ndipo mpaka lero sitinaibwerere.

Nanga mlingo woyenera tingaudziwe bwanji? Njira yake ndi yosavuta, kungoti imafuna nthawi. Timatenga mapepala a mayeso enieni a zaka zingapo zapitazo pamodzi ndi mayankho ochongera, funso lililonse n'kuliika m'gawo lake, kenako n'kuwonkhetsa malikisi a gawo lililonse. Tiwerenge malikisi, osati mafunso, chifukwa mafunso khumi okumbukira a malikisi amodziamodzi amalemera mofanana ndi mafunso awiri osanthula a malikisi asanuasanu. Tiyerekeze kuti pepala la malikisi 100 latuluka motere: 30 kukumbukira, 45 kugwiritsa ntchito, 25 kusanthula. Ndiye kuti kamayeso kathu ka malikisi 20 kayenera kukhala ndi 6, 9 ndi 5. Nthawi nayo itsate chimodzimodzi: ngati malikisi 100 amapatsidwa mphindi 120, malikisi 20 apatsidwe mphindi 24, osati piriyodi yonse. Manambala enieni a phunziro lathu tidzawapeza tikakhala pansi ndi mapepalawo.

Anatipempha kuti aliyense ayeze kamayeso kamene anabwera nako kuchokera kusukulu kwake. Ndinatenga ka mutu wa magetsi kamene tonse tinagwiritsa ntchito teremu yatha. Mwa malikisi 20, okumbukira anali 16, ogwiritsa ntchito 4, osanthula panalibe. Ndikudziwa chifukwa chake, ndipo nanunso mukuchidziwa. Tinauzidwa kuti kamayeso kalikonse kakwane pa tsamba limodzi chifukwa mapepala osindikizira ndi ochepa, komanso kuti malikisi azikhala atalowa Lolemba m'mawa. Funso lokhala ndi tebulo la manambala limadya malo, ndipo yankho la ziganizo zinayi silichongeka mofulumira ngati kusankha chilembo. Choncho lamulo la tsamba limodzi ndi limene lakhala likutisankhira mtundu wa mafunso, osati silabasi. A hedi, pempho limene tinalemba la mapepala owonjezera silinayankhidwebe, ndipo dipatimenti ina inapatsidwa ife tikuona.

Pali misampha iwiri imene tiyenera kuisamala poika mafunso m'magawo. Woyamba ndi kukhulupirira mawu oyambira funso. "Fotokozani chifukwa chake rezisitansi ya babu imakwera likatentha" likuoneka ngati lozama, koma ngati chiganizo chomwecho chili m'manotsi amene tinalemba pa bolodi, mwana akungochibweza. Tizifunsa kuti mwanayu anaonapo chiyani kale, osati funso layamba ndi liwu lanji. Wachiwiri ndi wakuti funso limatsika gawo likabwerezedwa. Funso la babu lija, tikangolikonza m'kalasi, sabata yotsatira lasanduka lokumbukira. Kusintha 12 V kukhala 24 V kumathandiza pang'ono pa funso logwiritsa ntchito, koma pa losanthula pamafunika chinthu chatsopano ndithu, monga kupereka galafu m'malo mwa tebulo, kapena kuika chipangizo chimene rezisitansi yake imatsika chikatentha.

Tikachonga, pali njira yoonera ngati funso lagwira ntchito yake. Tisanje ana potsata malikisi awo onse, titenge 27 pa 100 alionse a pamwamba ndi a pansi, omwe m'kalasi ya ana 60 ndi 16 mbali iliyonse. Ngati a pamwamba akhoza 13, a pansi 5, tichotse 5 pa 13 n'kugawa ndi 16, tipeza 0.5, kusonyeza kuti funsolo likulekanitsa bwino. Nambalayi ikatsika kuposa 0.2, makamaka pa funso limene ambiri alakwa, tiyambe takayikira kalembedwe kathu. Mwina chiganizo chikumveka pawiri, kapena tafunsa zimene sitinaphunzitse.

Msonkhano unagwirizana mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti kamayeso kalikonse kazitsata magawo a pepala lenileni ndendende. Ndinakweza dzanja kuvomereza, koma ndi mtima umodzi. Sabata yoyamba ya mutu watsopano, mwana asanagwire ngakhale tanthauzo la karenti, malikisi 5 osanthula angomufooketsa. Ine ndikuti timayeso toyambirira tikhale ndi okumbukira ambiri, koma mosalephera mukhale funso limodzi logwiritsa ntchito, ndipo pofika kumapeto kwa mutu tikhale tafika pa magawo enieni aja. Mfundo yachiwiri ndi yosonkhanitsa mafunso a masukulu onse pamodzi kuti tizibwerekana. Ndi maganizo abwino, bola tigwirizane amene azisunga. Mukukumbukira kuti mafunso athu a mayeso oyeserera a chaka chatha anafika m'manja mwa ana sabata isanakwane, ndipo funso losanthula limene mwana waliona kale ndi yankho lake silikuyezanso kanthu.

Tiyembekezerenso kuti malikisi a Lachisanu atsika tikayamba izi, ndipo makolo adzafunsa. Ndikupempha a hedi kuti awafotokozere tisanayambe, kuti mphunzitsi asadzaitanidwenso ku ofesi payekha ngati mmene zinachitikira kwa mnzathu wina atayesa kupereka mafunso a galafu.

Pa mkumano wa dipatimenti ukubwerawu, aliyense abwere ndi pepala limodzi la mayeso enieni akale ndi kamayeso kake komaliza. Tidzagawana awiriawiri, aliyense aike mafunso m'magawo payekha, kenako tiyerekeze. Pamene awiri asiyana, tikambirane mpaka timvane, chifukwa kumsonkhano kuja magulu ankasiyana kwambiri pa malire a kugwiritsa ntchito ndi kusanthula. Ola limodzi silikwana, choncho ndikupempha kuti tipatsidwe masana onse, komanso kuti nkhani ya tsamba limodzi ikhale yoyamba pa ndandanda.