Mwana wodwala asalangidwe ngati wolephera mayeso

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala kuno ku Nkhotakota, mbali ya ku Chia, ndipo masiku ano ndimadalira dimba la mpunga. Ndikulemba chifukwa cha zimene zinachitikira muphwa wanga, mwana wa chemwali anga, amene ndimamulipirira sukulu pa koleji ina ku Lilongwe. Nkhani yake ndi ya mayeso a mwayi wachiwiri aja ana athu amawatcha sapu. Makolo ambiri mawuwa timangowamva pafoni mwana akamapempha ndalama, koma sitidziwa kuti amalemba ndani, amadya ndalama zingati, ndiponso chimene chimatsala pa satifiketi akatha kulemba.

Poyamba ndichotse chisokonezo chimene ndinali nachonso ine. Ife tinazolowera za MANEB. Ku MSCE kulibe sapu. Mwana akapeza 9 pa Chingerezi, satifiketi palibe, amadikira chaka chathunthu, kulipiranso, n'kukhalanso pa mayeso. Koma akalembanso n'kupeza 2, imalembedwa 2 yomweyo, palibe amamudula. Ku koleji zinthu n'zotembenuka. Mwayi wachiwiri umabwera msanga, patangopita masabata ochepa zotsatira zitatuluka, kuti mwana asatsalire anzake akamalowa chaka chotsatira. Mtengo wa changu chimenecho ndi woti malikisi amaikidwa denga. Ngakhale akhoze chotani, pa pepala amalembapo malikisi ongokwanira kudutsa basi.

Koleji iliyonse ili ndi malamulo ake, choncho manambala ndikupereka pano ndi a kumene amaphunzira muphwa wangayo. Kumeneko munthu amakhoza phunziro akafika 50 pa 100. Mwa malikisi 100 amenewa, 40 amachokera ku ntchito ya mkati mwa semesita, monga timayeso ndi zolemba zopita nazo kunyumba, ndipo 60 amachokera ku mayeso omaliza. Amene wathera pakati pa 40 ndi 49 amaloledwa kulemba sapu, bola maphunziro ogwawo asapitirire awiri. Amene watsika pansi pa 40 sapatsidwa sapu, amabwereza phunziro lonselo, kulowanso m'kalasi ndi a m'mbuyo mwake. Amene wagwa maphunziro ambiri amabwereza chaka kapena kuchotsedwa kumene, kuja anawo amati kuwidedwa. Ndiye kuti sapu si ya aliyense wolephera. Ndi ya amene waphonya pang'ono, amene aphunzitsi akuona kuti phunzirolo akulidziwa koma china chake chinamupunthwitsa.

Mtsikanayu pa phunziro la akaunti anali ndi 26 pa 40 ya ntchito ya mkati. Amenewo si malikisi a munthu wosadziwa kanthu. Kutatsala masiku awiri kuti alembe mayeso omaliza anayamba kumva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi. Kuchipatala anamuyeza n'kumupeza ndi malungo, anamupatsa LA, ndipo zonse zinalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Tsiku la mayeso anadzuka mutu ukuwawa, koma anadzikoka n'kukalowa m'holo, poopa kuti akajomba amulembera 0. Anapeza 33 pa 100. Mukawerengera pa 60, amenewo ndi 19.8, ndipo mukaphatikiza ndi 26 uja zikukwana 45.8, imene anaikweza kukhala 46. Anaperewera ndi malikisi 4.

Zotsatira zinamupeza ali kuno kumudzi, akutithandiza kupuntha mpunga. Mnzake ndiye anamuimbira kuti dzina lake lili pa mndandanda wa olemba sapu, ndipo kunali kutatsala masiku 9. Anabwera pamene ndinakhala nati, "Amalume, ndagwa akaunti, akufuna ndipite ndikalembenso." Ndalama ya pepala limodzilo inali K25,000, yolipira kubanki asanalowe m'chipinda cholembera. Koma imeneyo inali gawo laling'ono chabe. Kuchoka kuno kutsika ndi M5 kukafika ku Salima, kukwera ina ya ku Lilongwe, n'kubwereranso, zinadya K40,000. Nthawi ya sapu ndi ya holide, malo ogona a ophunzira amakhala otseka, ndiye anakakhala kwa mayi wina wodziwana ndi mayi ake kwa masiku anayi, ndipo munthu sungamutumize mwana chimanjamanja kunyumba ya eni. Ndi chakudya ndi maminibasi a m'tauni, zonse pamodzi zinapitirira K90,000. Ndinagulitsa mpunga wa kilombero nthawi imene mavenda amagula motchipa chifukwa aliyense akukolola, mpunga umene ndinkasungira fizi ya semesita yotsatira. Wokhala ku Area 25 sapu imamudyera ndalama ya pepala ndi ya minibasi. Wa ku Nkhotakota, ku Mwansambo kapena ku Khombedza amalipira katatu kapena kanayi pa pepala lomwelo.

Analemba ali bwinobwino, ndipo mphunzitsi wake anamuuza pambuyo pake kuti anapeza 71. Akanati awerengere monga mwa nthawi zonse, 71 pa 100 ndi 42.6 pa 60, kuphatikiza 26 ikanakhala 69. Pa pepala la zotsatira analembapo 50, ndi kachizindikiro kosonyeza kuti anadutsa pa ulendo wachiwiri. Maphunziro ake ena asanu anapeza 63, 61, 58, 65 ndi 59. Ndi 50 ija avereji yake inakhala 59.3. Ikanakhala 69, avereji ikanafika 62.5. Pa koleji imeneyo mzere wa kiredi uli pa 60, ndiye mukuona nokha mbali imene anagwera. Anthu amati sapu ukakhoza nkhani yatha, koma denga lija limayenda nawe mpaka tsiku lomaliza sukulu, chifukwa avereji ndi imene imaonedwa poika digiri kapena dipuloma m'magulu, ndipo ena opereka thandizo la fizi amayang'ananso pomwepo.

Musandimve molakwa, Akonzi. Denga la malikisi sindikulitsutsa. Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo ndikudziwa chifukwa chake lilipo. Taganizani mwana amene anawerenga maphunziro onse asanu ndi limodzi nthawi imodzi n'kupeza 52 pa akaunti. Mnzake wagwa, wapatsidwa masabata owonjezera owerenga phunziro limodzi lokhalo, waona kale mmene mphunzitsi amafunsira, ndiye apeze 69 n'kumupitirira woyamba uja? Chimenecho sichingakhale chilungamo. Komanso denga litachotsedwa, ochenjera angamasiye dala phunziro lovuta kuti adzalimenye palokha pa sapu. Lamulolo lili ndi mutu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti muphwa wanga sanayenere kukhala pansi pa denga limeneli. M'malamulo a koleji yomweyo muli njira ina, ya mayeso oimitsidwa kaye, amene ophunzira amati difedi. Munthu akadwala, kapena akaferedwa kholo nthawi ya mayeso, amadziwitsa ofesi ya rejisitara kapena mkulu wa dipatimenti asanalembe, n'kupereka umboni wa kuchipatala kapena kalata ya maliro. Akavomerezedwa amadzalemba nthawi ina, kawirikawiri tsiku lomwelo ndi m'chipinda chomwecho ndi a sapu, mwinanso pepala lake lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa iye uwu ndi ulendo woyamba. Malikisi ake sadulidwa, ntchito ya mkati imawerengedwa, ndipo akagwa amakhalabe ndi mwayi wa sapu patsogolo. Ana awiri akhoza kukhala pa mabenchi oyandikana, kuyankha mofanana, wina n'kutuluka ndi 69 wina ndi 50, kusiyana kwake kungokhala kalata imodzi imene inaperekedwa pa nthawi yake.

Titamva zimenezi ndinamuuza kuti apite ndi buku la kuchipatala lija akadandaule. Yankho linali lakuti amene walowa m'holo n'kulandira pepala wavomereza yekha kuti ali bwino, ndipo umboni wa matenda wobwera zotsatira zitatuluka salandira. Izinso ndikuzimvetsa, chifukwa akatsegula khomo limenelo aliyense wogwa adzabwera ndi kalata ya adokotala. Koma ndiye lamulo lolemera chonchi liyenera kumveka mwana asanadwale. Wina kumeneko anamuuza kuti safunsa anadya phula, zonse zili m'buku la malamulo. Bukulo liripodi, la Chingerezi chokhwima, ndipo analipatsidwa sabata yoyamba ya chaka choyamba, pamodzi ndi mapepala ena ambirimbiri, mwana akusakasaka kumene agone. Munthu amafunsa chimene akuganiza kuti chilipo. Mwana wochokera ku sekondale ya masana, amene moyo wake wonse wamva kuti kujomba mayeso ndiko kulephera, angaganize bwanji kuti pali nthawi imene kusalemba ndiko kudziteteza? Iye anachita chimene ife aphunzitsi ndi makolo tinamuphunzitsa, kulimba mtima n'kukalemba.

Pempho langa kwa oyendetsa makoleji ndi mayunivesite, a boma ndi omwe si a boma, si lofuna ndalama zambiri. Pa ndandanda wa mayeso womwe umamatidwa pa bolodi kapena kutumizidwa pa mafoni, pamwamba penipeni palembedwe kuti wodwala asalowe m'holo, apite kwa uje, ndi umboni wakuti, pasanathe masiku akuti. Woyang'anira mayeso asanagawe mapepala afunse mokweza ngati pali amene sakupeza bwino, ndipo anene poyera kuti kulandira pepala n'kuvomereza kuti uli bwino. Zimenezi sizitenga mphindi imodzi. Ndipo tsamba limodzi la Chichewa lofotokoza sapu, difedi, kubwereza ndi ndalama zake lizipita kwa makolo pamodzi ndi kalata ya fizi, chifukwa mwana akadwala woyamba kumuimbira ndi mayi ake kapena malume ake, ndipo ifeyo ndi amene timanena kuti "limba mtima mwanawe, kalembe." Ineyo ndinanena mawu amenewo pafoni m'mawa wa tsikulo, ndipo mpaka lero amandilemera.

Za tsiku la sapu nazonso, masiku 9 ndi ochepa kwa banja lodalira munda kapena nyanja. Masiku a sapu angathe kulengezedwa semesita ikamayamba, pamodzi ndi mtengo wa pepala, ndipo chipinda chimodzi kapena ziwiri zogona zingathe kutsegulidwa kwa ochokera kutali pa masiku ochepawo.

Kwa makolo anzanga a kuno kunyanja, kumene malungo ndi a chaka chonse, mwana akakuimbirani kuti wadwala mayeso ali pafupi, muuzeni apite kuchipatala, aonetsetse kuti tsiku ndi chidindo zili m'buku, ndipo tsiku lomwelo akapereke kalata ku ofesi ya rejisitara, n'kusunga kope imene wolandirayo wasainapo. Ngati sangathe kuyenda, atume mnzake wa m'chipinda. Muphwa wanga wabwerera kusukulu, ali chaka chachitatu tsopano, ndipo akufunika avereji ya pafupifupi 61 semesita ino kuti abweze zimene 50 ija inamulanda.

Malume wokhudzidwa,
Chia, Nkhotakota