Lipoti la msonkhano: ma PR ogona tiziwatani?

Moni nonse a gulu. Munandituma ku msonkhano wa osamalira mapulojekiti a khodi yotseguka uja, ndiye ndati ndilembe zisanazizire. Zokambirana zinali zambiri koma ine ndinakhalitsa pa gawo limodzi lomwe likutikhudza ifeyo kwambiri, la ma pull request, ma PR, amene angogona miyezi osayenda, kuti kodi munthu umukumbutse, utseke, kapena mentena angoitenga n'kuimaliza yekha. Zina zija ndidzafotokoza pakamwa tikakumana.

Chomwe ndabwera nacho chachikulu ndi ichi: ukale wa PR suuza munthu chochita. Funso loyamba ndi lakuti yaima pa ndani, ikudikira mwini wake kapena ikudikira ife? Mayi wina amene amasamalira laibulale yaikulu ndithu anafotokoza kuti atakhala pansi n'kuwerenga ma PR awo akale imodziimodzi, anapeza kuti yambiri mawu omaliza anali a wolemba, akufunsa funso kapena kunena kuti ndakonza onaninso, ndiye palibe anamuyankha. PR yotere ukapita kukalemba kuti "mukadali nayo ntchitoyi?" ndiye kuti wamulakwira munthu kawiri, unamusiya osamuyankha kenako ukumufunsa ngati wozemba ndi iyeyo. Apa wofunika kukumbutsidwa ndi wounika wathu, ndipo kwa wolembayo timapepesa n'kunena tsiku loti tiunika.

Palinso kamsampha kena ka pa GitHub. Munthu akamatumiza koyamba kuchokera pa foko yake, matesiti nthawi zambiri sayamba okha mpaka mentena adine batani lovomereza kuti ayende. Ndiye PR imaoneka ngati yosatha, macheki ali phee, ife n'kumati tidikire matesiti adutse, pomwe matesitiwo akudikira chala chathu.

N'chifukwa chake mapulojekiti akuluakulu amaika malebulo onena amene akudikiridwa. Rust ali ndi `S-waiting-on-author` ndi `S-waiting-on-review`, ndiye ukangotsegula mndandanda umadziwiratu kuti iyi ndi ngongole yathu, iyo ndi ya wolemba. Ife tilibe zimenezi, timangoona deti basi, ndipo detiyo imanama, chifukwa ngakhale ndemanga ya loboti kapena kusintha lebulo kumaisuntha n'kuoneka ngati PR yagwiridwa posachedwa.

Nkhani ya loboti yotseka yokha inautsa mtsutso ndithu. `actions/stale` ukaisiya mmene imabwerera, imaika lebulo pakatha masiku 60 opanda chochitika, kenako masiku 7 ena yatseka. Kubernetes amapereka nthawi yotalikirapo, masiku 90 kuti ikhale `lifecycle/stale`, 30 ena `lifecycle/rotten`, 30 enanso kenako kutseka. Ena amati popanda loboti mndandanda umakula mpaka anthu kuchita mantha kuutsegula, ndipo zimenezo ndi zoona. Koma loboti siidziwa kuti wachedwetsa ndani, imangowerenga masiku, ndiye imatha kutseka ntchito yabwinobwino yomwe ife tomwe sitinaione. Ine maganizo anga, kwa gulu laling'ono ngati lathu loboti iziika lebulo yokha koma kutseka azitseka munthu. Zimatheka ndi mizere iwiri:

```yaml
days-before-pr-stale: 60
days-before-pr-close: -1
```

Tsopano kuti zisakhale zongokamba, nditabwerera ndinatenga PR yathu ija yokonza kuwerenga madeti mu fayilo ya CSV, nambala 412, n'kuyiyendetsa mu njira yomwe anatiphunzitsa. Mukuikumbukira, ija deti ngati 03/04 imawerengedwa mwezi ndi tsiku zitasinthana. Wolemba anatumiza ma `commit` atatu, wounika wathu anapempha zinthu ziwiri, kuti awonjezere tesiti ya selo yopanda kanthu komanso asinthe dzina la fankishoni imodzi, iye anayankha kuti achita kumapeto kwa sabata, ndiye kuyambira pamenepo zii, pafupifupi miyezi isanu. Apa n'zoonekeratu, ikudikira wolemba.

Funso lachiwiri, kodi ntchitoyi tikuifunabe? Ndinaona kuti vuto lomwe imakonza likadali lotsegula ndipo anthu ena awiri analembapo kuti nawonso likuwavuta, komanso palibe PR ina yomwe inalowa n'kukonza zomwezo. Zikanakhala kuti gawo limenelo tinalilembanso mwatsopano, kapena wina anakonza kale, bwenzi nkhani yathera pomwepo, kutseka n'kuloza komwe zinakonzedwa.

Lachitatu, yatsala ntchito yochuluka bwanji? Apa musakhulupirire kachizindikiro kobiriwira kakale, kanadutsa pa `main` wa miyezi isanu yapitayo, ndipo malogi a GitHub Actions amafufutika pakatha masiku 90 ngati simunasinthe, ndiye ngakhale kuona zomwe zinayenda sungathe. Umafunika kuikoka pa kompyuta yako:

```bash
gh pr checkout 412
git fetch origin
git rebase origin/main
```

Inagundana mu fayilo imodzi yokha, poti tinasuntha mizere ina pamwamba pake, ndipo nditakonza matesiti onse anadutsa. Chotsala ndi tesiti imodzi ndi dzina limodzi, ntchito ya ola limodzi mwina osakwana n'komwe. Ndiye iyi ndi ya mtundu woti mentena atha kuitenga. Koma sindinakankhe chilichonse, zonsezi zili pa kompyuta yanga, chifukwa musanatenge mumayamba mwagogoda kaye.

Kagogodedwe kake anakambapo nthawi yaitali ndipo ndinaona kuti n'kofunika. Kungolemba dzina la munthu ndi funso loti pali chatsopano sikuthandiza, munthu wakhala miyezi isanu sakukumbukanso pomwe anasiyira, ndipo mwina akuchita manyazi. Uthenga wabwino umanena chomwe chatsala, umapereka nthawi, ndipo umaneneratu chomwe chichitike akapanda kuyankha, komanso umamutsegulira khomo loti anene kuti sangathe popanda kuona ngati walephera. Womwe ndakonzera 412 ndi uwu:

"Zikomo kwambiri chifukwa cha ntchitoyi, tikuifunabe. Chatsala ndi tesiti ya selo yopanda kanthu ndi kusintha dzina la fankishoni ija, komanso pali kugundana pang'ono ndi `main`. Ngati muli ndi mpata malizani, tiunika msanga. Ngati mwatanganidwa palibe vuto, tiuzeni, kapena pakatha masabata awiri tidzamaliza ife ndipo dzina lanu lidzakhalabe pa ntchitoyi."

Masabata awiriwo si lamulo lochokera kwina, ambiri anati iwo amapereka sabata imodzi mpaka mwezi kutengera kufunika kwake. Ikakhala nkhani ya chitetezo kapena ikutsekereza kutulutsa vesheni, mentena amatenga tsiku lomwelo n'kungomudziwitsa mwini wake. Ndipo kugogoda kamodzi, kwambiri kawiri, kukwana. Kumangomutchula munthu sabata iliyonse ndi kumusowetsa mtendere, ndi wodzipereka, sitimulipira.

Akapanda kuyankha pali njira ziwiri zotengera. Yoyamba, ngati anasiya chochonga pa "Allow edits by maintainers", mentena atha kukankha molunjika ku bulanchi ya pa foko yake, PR n'kukhala yomweyo, zokambirana zonse pamalo amodzi. Koma dziwani kuti zimenezi zimagwira pa foko ya akaunti ya munthu, foko ikakhala ya bungwe sizitheka. Komanso ngati mwapanga `rebase` ndiye kuti mukankha mokakamiza, mbiri ya bulanchi ya mwini wake isintha, tsiku lomwe adzabwerere n'kupanga `git pull` adzapeza zosokonekera. Zimaipiratu ngati PR anaitumiza kuchokera pa `main` wa foko yake, apo musakakamize ayi. Ngati mukungowonjezera `commit` pamwamba, njira imeneyi ili bwino.

Yachiwiri, yomwe ndikuona kuti ikuyenera 412 poti tapanga kale `rebase`, ndi kutsegula bulanchi yatsopano kwathu, kukankha kumeneko, kutsegula PR yatsopano yonena kuti ikupitiriza #412, kenako n'kutseka yakaleyo ndi ndemanga yoloza ku yatsopano. `rebase` ndi `cherry-pick` zimasunga dzina la wolemba pa `commit` iliyonse, ndiye pamenepo palibe nkhawa. Pofunika maso ndi polowetsa. Ife timagwiritsa "Squash and merge", ndiye ma `commit` onse amasanduka imodzi yomwe imatenga dzina la amene watsegula PR yatsopanoyo, kutanthauza mentena. Musanadine onetsetsani kuti pansi pa uthenga pali mzere uwu, ngati palibe muulembe nokha, ndi imelo yomwe ili pa ma `commit` ake:

```
Co-authored-by: Dzina Lake <imelo yake>
```

Izi ndikuzitsindika chifukwa anthu ambiri amene amatithandiza ulere malipiro awo ndi dzina lawolo basi, ena amaonetsa pofunsira ntchito. Kutenga khodi ya munthu n'kuilowetsa pa dzina lako, ngakhale mosadziwa, munthuyo sadzabweranso ndipo adzauza anzake.

Malire a kutenga aliponso. Bambo wina anakumbutsa kuti pulojekiti ikamafuna CLA, mgwirizano wopereka chilolezo pa khodi yomwe munthu watumiza, kapena mzere wa `Signed-off-by` ndipo wolembayo sanasaine, simungamusainire, ndiye khodi yakeyo simungailowetse, chomwe mungachite ndi kutseka n'kulemba yanu kuyambira pa chiyambi. Chinanso, ngati chatsala ndi theka la ntchito kapena njira yomwe anatsata ndi yolakwika kuchokera pansi, kumeneko sikutenga, ndi kulemba yatsopano, ndipo mentena amene wanena kuti ndaitenga kenako n'kuisiyanso miyezi itatu waipitsa zinthu kuposa poyamba, poti tsopano aliyense akuopa kuigwira akuti ili ndi mwini. Ngati palibe mentena amene ali ndi mpata sabata imeneyo, bwino kutseka PR, kusiya vutolo lotsegula, n'kulembapo kuti pali ntchito yoyambidwa pa nambala yakuti, amene akufuna apitirize.

Za kutseka anthu sanatsutsane kwambiri. Tseka ndi chifukwa cholembedwa, osangodina batani. Ngati yankho ndi lakuti chinthuchi sitikuchifuna mu pulojekiti, nenani choncho poyera, kusiyana ndi kuisiya igone poganiza kuti munthu atopa yekha. PR yotsekedwa khodi yake siisowa, ndipo itha kutsegulidwanso, kupatula ngati bulanchi yake yafufutidwa kapena yakankhidwa mokakamiza itatsekedwa kale, apo GitHub imakana ndipo amafunika kutsegula ina.

Ndiye zomwe ndikupempha kuti tigwirizane pa kukumana kwathu kotsatira: tipange malebulo awiri, wodikira wolemba ndi wodikira wounika, loboti tiiletse kutseka, ndipo munthu mmodzi mwezi uliwonse, mosinthana, aziyendera mndandanda kuyambira yakale kwambiri ndi `is:pr is:open sort:created-asc`. Uthenga wa 412 sindinautumize, ndikudikira wounika amene anaigwira poyamba auone kaye ngati zinthu ziwiri zija zikadali zomwe akufuna, akavomera ndiutumiza ndipo masabata awiri aja akatha wolemba asanayankhe ndidzaimaliza ine.