Lipoti la msonkhano wa magulu a alimi a minda ing'onoing'ono ku Zomba

A pampando, a mlembi, a msungichuma, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu kuno ku Chingale, ndabwerako ku msonkhano umene munandituma kuboma. Malisiti a galimoto ndi a kogona ndapereka kwa a msungichuma, ndipo aliyense amene ankanong'ona za alawansi akhoza kupita kukawawerenga yekha. Magulu anachokera ku Jali, Mayaka, Thondwe, Domasi ndi kwina, ndipo funso linali limodzi: munthu wa kumudzi wokhala ndi kamunda kosakwana ekala, kumene galimoto imafika mwa apo ndi apo, angachite bizinesi yanji?

Zolankhula zotsegulira zinatenga m'mawa wonse. Gawo la malamulo a gulu ndi la kalembedwe ka m'kaundula linali la zimene timachita kale. Chimene chinalipira ulendowu ndi phunziro la mlangizi wina wa mbewu, amene anati tisanafunse kuti nthaka yathu ingabereke chiyani, tiyambe tafunsa mafunso awiri. Kodi katunduyo angadikire masiku angati asanawonongeke? Nanga njinga imodzi ikanyamula, yanyamula ndalama zingati? Tomato amagwa pa mafunso onse awiri. Ndi wolemera chifukwa ndi madzi okhaokha, amaphwanyika m'dengu pa msewu wa mabampu, ndipo akapsa sadikira sabata. Wavenda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mtengo amatchula ndi iye. Chitsanzo chimene mlangiziyo anachitambasula ndi tsabola wouma wa kapiripiri, uja wamng'ono wofiira. Makilo atatu kapena anayi a tsabola wamuwisi amatsala kilo imodzi akauma, kutanthauza kuti madzi atsala pakhomo ndipo njinga yanyamula chokhacho chimene wogula akulipira. Akauma bwino amakhala miyezi, mpaka msewu utauma.

Ndinalemba ndondomeko yake pa kota ya ekala, yomwe ndi pafupifupi masikweya mita 1,000. Mbewu yokwana magalamu 25 ndi yokwanira. Nazale imafesedwa mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, kuti mbande zikhale zokonzeka mvula ikakhazikika. Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi ndi mamita khumi m'litali, lokwezeka, losakaniza ndi manyowa owolerana. Timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15, njere kuzikwirira sentimita imodzi yokha, kenako kuphimba ndi udzu wouma wopanda njere. Kapiripiri amachedwa kumera, amatha masabata awiri ngakhale atatu, ndiye musafulumire kunena kuti mbewu ndi yakufa. Zikangoyamba kutuluka, udzu uja muuchotse pansi n'kuukweza pa timitengo kuti ukhale mthunzi. Ukachedwa kuchotsedwa, mbande zimatalika mowonda n'kumagwa.

Vuto lalikulu pa nazale ndi madzi ochuluka. Mukaona mbande zikuwola pa tsinde pomwe zakhudzana ndi dothi, n'kugona zambiri pamalo amodzi, dziwani kuti mwathirira mopyola kapena mwafesa mothithikana. Thirirani m'mawa, pang'ono, ndipo zowolazo muzizule ndi dothi lake. Mbande zimawokedwa zikatha masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, zitafika masentimita 10 mpaka 15. Sabata yomaliza muchepetse madzi ndi mthunzi kuti zikhwime, apo ayi zikafota tsiku loyamba kumunda.

Apa ndiyenera kunena za madzi. Okutobala ndi mwezi umene zitsime zathu zimaphwa, ndipo chaka chatha amayi awiri a gulu lino anabwezedwa pa mjigo ndi makheni awo, kuwauza kuti madziwo ndi akumwa okha. Nkhaniyo tinati tikambirana ndi komiti ya mjigo, koma mpaka lero palibe wapita. Bedi limodzi silimaliza mjigo. Ngati sitifuna mkangano, tipange nazale imodzi ya gulu lonse kudimba, tizithirira mosinthana, koma tigwirizane tsopano osati mbewu itagulidwa kale.

Kumunda mizere italikirane masentimita 75, ndipo mbande zitalikirane masentimita 60 pa mzere. Pa kota ya ekala zimalowa mbande pafupifupi 2,200. Musabzale pamene chaka chatha panali tomato, fodya, mbatatesi kapena mabiringano, chifukwa ndi banja limodzi ndipo matenda ake ndi amodzi. Tizilombo ta m'dothi totupitsa mizu timatsalira pamalo otere. Mbewu imapinimbira, imafota masana ngakhale dothi lili lonyowa, ndipo mukaizula mumapeza mizu ili ndi timfundo. Munda umene munali chimanga ndi wabwinoko. Chinanso choyang'anira ndi nsabwe za kunsi kwa masamba, zimene zimafalitsa matenda opotanitsa masamba. Mtengo wopotana masamba suchira, muuzule msanga usanapatsire anzake. Ndipo amene muli ndi tsabola wa kambuzi kuseri kwa nyumba, musasunge mbewu ya kapiripiri yochokera pafupi naye, popeza tizilombo touluka timasakaniza mitundu ndipo chaka chotsatira mudzakolola tsabola wosadziwika mtundu, amene wogula amakana.

Kukolola kumayamba pakatha miyezi itatu kapena kupitirira pang'ono chiwokereni, ndipo kumapitirira miyezi ingapo, kuthyola wofiira yekha sabata ndi sabata. Mlangizi sanabise kuti apa m'pamene ambiri amagonjera. Tizipatsoti n'tating'ono, kuthyola kumadya nthawi, manja amatentha, ndipo ukaiwala n'kudzipukuta m'maso ntchito yathera pomwepo. N'chifukwa chake anati banja lisapyole kota ya ekala chaka choyamba. Ineyo ndikuti ngakhale theka la kota ndi lokwanira kwa banja la anthu awiri ogwira ntchito, popeza nthawi yothyola imakumana ndi yokolola chimanga ndi nandolo.

Ndalama imapangika kapena kutayika pa kuyanika. Tsabola sayanikidwa pa dothi. Mumange thandala lofika m'chiuno, muyalepo mphasa kapena masaka oyera, ndipo tsabolayo mumumwaze mopyapyala n'kumamutembenuza tsiku lililonse. Dzuwa lamphamvu la masana limamufwifwitsa mtundu n'kumusiya ndi mawanga oyera, ndiye thandala likhale ndi kadenga ka udzu kapena pamalo opita mphepo. Madzulo alowe m'nyumba, mame asamupeze. Amauma pakati pa sabata imodzi ndi awiri malinga ndi nyengo. Kuti mudziwe kuti wauma, tengani wodzaza dzanja mumugwedeze pafupi ndi khutu, njere zizimveka kuti wayawaya m'kati, ndipo mukapinda kamodzi kazithyoka osati kupindika. Mukamuika m'thumba asanafike apo, pakati pa thumba pamatentha, pamachita chuku, ndipo chuku chimenecho ndi chija chimabweretsa poizoni amene amakanitsa mtedza wathu kwa ogula akuluakulu. Musanapakire muchotse timapesi, wakuda, wamawanga ndi wothyoka. Thumba likhale loluka lopita mpweya, lisakhale limene munali feteleza, ndipo likhale pa timitengo osati pansi kapena motsamira khoma.

Tiyerekeze kuti mtengo uliwonse wapereka magalamu 30 okha a tsabola wouma nyengo yonse. Mitengo 2,200 ikupereka makilo 66. Tsabola wouma ndi wopepuka moti thumba lija lolowa makilo 50 a chimanga likadzaza silifika ngakhale theka la kulemera kumeneko. Ndiye zokolola za chaka chonse ndi matumba ochepa, amene njinga imamaliza maulendo awiri, pa tsiku limene mwasankha nokha.

Tsono chimene msonkhano unagwirizana kumapeto sindinachivomereze, ndipo ndinakweza dzanja kutsutsa. Ambiri anavotera kuti magulu apemphe ngongole yoyambira nkhuku zachizungu za nyama, zana limodzi pa gulu. Kwa anzathu a ku Thondwe, Songani ndi Domasi, amene ali m'mbali mwa tala, n'zomveka. Kwa ife a kuseri kwa phiri tawerengani. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilo anayi a chakudya pa masabata asanu ndi limodzi. Zana limodzi ndi makilo 400, matumba asanu ndi atatu a makilo 50, onse ogula kutauni n'kulipirira mayendedwe. Anapiye a tsiku limodzi ena amafera pa njira ndi kutentha ndi kugwedezeka. Zikakula ziyenera kugulitsidwa sabata yomweyo, chifukwa tsiku lililonse zikudya phindu, ndipo pa msika wathu ndani angagule nkhuku zana pa sabata imodzi? Ngongoleyo siyembekezera kuti mtsinje uphwe. Ngati tikufuna nkhuku, tikonze zathu zachikuda zimene zimadzifunira chakudya, tizipatse katemera wa chitopa wodontheza m'diso miyezi inayi iliyonse, nkhuku zonse za m'mudzi nthawi imodzi. Ndikudziwa kuti a wachiwiri kwa pampando akhala akulimbikira za nkhuku zachizunguzi kuyambira kale. Ndikuwapempha abweretse masamu awo a mayendedwe pa msonkhano wathu, tiwaike pambali pa awa.

Tsabola nayenso ali ndi malire ake, ndipo sindikufuna munthu adzandiloze chala. Pa msika wa kumudzi anthu amagula ka mulu kamodzi kothira mu ndiwo, osati thumba. Ogula enieni ndi opanga tsabola wa m'mabotolo ndi otumiza kunja, ndipo iwo sabwera kudzatenga makilo 20 a munthu mmodzi. Amafuna katundu wosonkhanitsa, wa mtundu umodzi, wosankhidwa mofanana. Choncho tisagule mbewu tisanapeze wogula amene wanena mtundu umene akufuna, kumene adzalandirire katundu, ndi nthawi yolipira, zonse zolembedwa pa pepala. Kawirikawiri ogula otere amapereka okha mbewu, ndipo ndi bwino kutenga yawo. Alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya dera lathu ndi amene tiyambire kuwafunsa za ogula amene alipo chaka chino.

Kusonkhanitsa kumafuna sikelo, ndipo izi zikundifikitsa pa sikelo ya gulu. Tinasonkha tonse kuigula, inabwerekedwa nthawi ya nandolo, ndipo sinabwerere. Tonse tikudziwa khomo limene ili. Popanda sikelo yathu sitingalembe kuti uje wabweretsa makilo angati, ndipo tidzakangana pogawana ndalama monga zinachitikira ndi soya. Ndikupempha a pampando kuti sikeloyo ifike pa msonkhano ukubwerawu, ndipo tsiku lomwelo tilembe maina a mabanja asanu oyamba kuyesa, tisankhe malo a nazale kudimba, komanso titume anthu awiri kwa alangizi mwezi wa Seputembala usanathe.