Mutu ukundisautsa: ndigone bwanji, ndilimbitse thupi motani?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina mumzinda wa Blantyre, ndipo ndakhala ndikuvutika ndi mutu wa mitundu iwiri kwa zaka zingapo. Wina umandigwira madzulo ndikaweruka: umamanga chipumi ndi nkhongo ngati ndamangidwa lamba, khosi limauma, komabe ndimatha kuphika ndi kusamalira ana. Winawo ndi waching'alang'ala, womwe umagunda mbali imodzi, umabwera ndi nseru, ndipo kuwala, phokoso ngakhalenso kukwera masitepe kumauwonjezera, moti ndimangodzitsekera m'chipinda cha mdima mpaka mawa lake.

Kuchipatala anandiyeza magazi, maso ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo zonse zinali bwino. Adokotala anandichenjeza kuti munthu akamamwa panado kapena bulufeni masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, mankhwalawo amayamba kubweretsa mutu wawowawo. Anati chondithandiza kwa nthawi yaitali ndicho kugona maola 7 kapena 8, kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Malangizowa ndinawalandira ndi mtima wonse, koma pamzere panali anthu ambiri ndipo sindinathe kufunsa momwe mayi wa moyo ngati wanga angawatsatire.

Vuto langa lalikulu lili pa tulo. Mkati mwa sabata ndimadzuka 4 koloko kuti ndikonzekeretse ana ndi kupeza minibasi msewu usanadzaze, pomwe kugona ndimagona cha m'ma 11 koloko, ntchito za pakhomo zikatha. Loweruka ndimabweza ngongole ya tulo mpaka dzuwa litakwera, ndipo chodabwitsa n'chakuti mutu waching'alang'ala umakonda kundigwira tsiku lomweli limene ndapuma. Adokotala anandifotokozera kuti ubongo wa munthu wodwala mutu umenewu sugwirizana ndi kusinthasintha, kotero kuti kugonereza kumauyambitsa chimodzimodzi ndi kuchepa kwa tulo. Anawonjeza kuti ndikachedwa kudzuka ndimachedwanso kudya ndi kumwa tiyi amene thupi linazolowera m'mamawa, ndipo zimenezi pazokha zimautsa mutu.

Ndiye ndifunse: kodi Loweruka ndi Lamulungu ndizidzukabe 4 koloko ngakhale thupi litatopa, kapena kuwonjezera ola limodzi sikungawononge kanthu? Ndikuona kuti njira yeniyeni ndiyo kugona msanga, cha m'ma 9 koloko, koma ndikayesa ndimangotembenuka pabedi tulo osabwera. Kodi ndizisuntha nthawi yogonayo pang'onopang'ono, mwina mphindi 15 pakapita masiku angapo? Tiyi wa madzulo ndinasiya chifukwa ndinauzidwa kuti amachedwetsa tulo, ndipo foni ndimaisiya pabalaza, koma ndikufunanso kumva ngati kugonako pang'ono masana a Loweruka kungalowe m'malo mwa kugonereza m'mawa.

Za masewera nazonso zandiimika mutu. Ndinalowa gulu la amayi amene amathamanga ndi kudumphadumpha pabwalo la sukulu, koma m'nyengo yotentha ya Okutobala ndinkabwerako mutu ukugunda, ndipo ndinachita mantha n'kusiya. Mnzanga wina, yemwe ndi namwino, akuti cholakwika si masewerawo ayi, koma kuyamba mwamphamvu thupi lisanatenthe, m'mimba muli pululu, madzi osamwa, dzuwa lili pamutu. Iye akuti ndiyambe ndi kuyenda ndawala, kofulumizitsa mpweya koma kondilola kulankhula, mphindi 30 masiku asanu pa sabata, ndipo tsiku limene mutu waching'alang'ala wayamba kale ndipume. Ndikatsika minibasi patali ndi kwathu n'kuyenda wapansi madzulo, kodi zimenezi zingawerengedwe pa mphindi 150 zija? Nanga mutu womanga uja, womwe ndikuganiza kuti umachokera ku kuweramira kompyuta tsiku lonse, ukufunanso masewera apadera a khosi ndi mapewa?

Ndayamba kulemba m'kope tsiku limene mutu wandipweteka, nthawi imene ndinagona ndi kudzuka, ndi mankhwala amene ndamwa. Namwino uja akuti kusintha kumaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo sikuti mutu umatheratu, koma masiku odwala amachepa. Ndikufuna mundiuze kuti ngati nthawiyo itatha kopelo likusonyeza zomwezo, ndibwerere kuchipatala kukapempha mankhwala oteteza omwa tsiku ndi tsiku, kapena ndipirirebe.

Chomaliza ndi maliro. Kwathu sindingakane kukagona kusiwa, ndipo sindikufunanso kukana, koma ndikachezera usiku wonse mutu sulephera kundigwira. Kodi tsiku lotsatira ndizigona masana kuti ndibweze tulo, kapena ndizilimbikira mpaka nthawi yanga yogonera ikwane?

Ine wanu,
Mayi wodandaula, Blantyre